Habu, swichi ndi rauta: kabokosi kalikonse kamawerenga chiyani kasanatumize uthenga?

Mukalowa m'shopu yotaipa ndi kusindikiza mapepala ku Katoto kapena pafupi ndi msika waukulu wa Mzuzu, suzumirani kuseri kwa tebulo. Nthawi zambiri mupeza kabokosi kamene timagetsi take tikuphethira, makebo abuluu kapena otuwa atalowa m'mabowo ake. Anthu ambiri kabokosi kalikonse kotere amangokatcha rauta. Koma tilipo timabokosi titatu tofanana maonekedwe: habu, swichi ndi rauta. Swichi imeneyi si ya pakhoma yoyatsira getsi ija, dzina lokha ndiye lafanana. Kusiyana kwa zitatuzi kwagona pa chinthu chimodzi: uthenga ukalowa pa bowo lina, kabokosiko kamawerenga chiyani kasanasankhe bowo loutulutsira? Habu siwerenga kalikonse. Swichi imawerenga adiresi ya chipangizo. Rauta imawerenga adiresi ya netiweki.

Tiyerekeze shopu yokhala ndi makompyuta 4, printa imodzi yolumikizidwa ndi kebo, ndi rauta yoikamo simu khadi ya TNM kapena Airtel. Pakati pali kabokosi ka mabowo 8. Bowo 1 lapita ku rauta, mabowo 2 mpaka 5 apita ku makompyuta, bowo 6 lapita ku printa. Wophunzira wa ku yunivesite ku Luwinga wabwera ndi ntchito yake pa fulashi, ndipo yemwe ali pa kompyuta ya pa bowo 2 wadina kuti isindikizidwe.

Fayilo siyenda yathunthu pa kebo. Kompyuta imaidula m'timaphukusi, kalikonse konyamula mabaiti osapitirira 1,500, choncho fayilo ya mamegabaiti 3 imatuluka timaphukusi pafupifupi 2,000. Pa kaphukusi kalikonse pamalembedwa kumene kachokera ndi kumene kakupita, ndipo maadiresi ake ndi amitundu iwiri.

Yoyamba ndi adiresi ya MAC. Iyi imabwera ndi chipangizo kuchokera ku fakitale, ndipo imakhala ya zilembo ndi manambala 12, monga 3C-52-82-1A-4F-09. Pa printa kapena pansi pa rauta mumaipeza italembedwa pa kapepala komata. Yachiwiri ndi adiresi ya IP, monga 192.168.1.20. Iyi chipangizo chimachita kupatsidwa chikalowa pa netiweki, ndipo imasintha mukachinyamula kupita nacho kwina. MAC ili ngati dzina la munthu, lomwe amayenda nalo kulikonse. IP ili ngati kumene akukhala panopa, lero ku Chibavi, mawa atha kusamukira ku Zolozolo. M'shopu yathuyi rauta ndi 192.168.1.1, kompyuta ya pa bowo 2 ndi 192.168.1.20, printa ndi 192.168.1.50.

Kabokosi kapakati kakhale habu

Kaphukusi kakalowa pa bowo 2, habu imangolimbitsa mphamvu ya uthengawo n'kuutulutsa pa mabowo ena onse. Printa ilandira, koma makompyuta atatu enawo ndi rauta nazonso zilandira. Chilichonse chimayang'ana adiresi ya MAC, chikaona kuti si yake chimataya. Zili ngati munthu woitana mnzake mokuwa pakati pa depoti: woitanidwayo amamva ndithu, koma aliyense amamvanso.

Vuto lalikulu ndi loti pa habu chipangizo chimodzi chokha ndicho chingalankhule pa nthawi imodzi. Kompyuta imayamba yamvetsera ngati kebo ili zii, kenako n'kutumiza. Ziwiri zikayamba pamodzi, mauthenga awo amawombana n'kuwonongeka, ndipo zonse zimaima, chilichonse n'kudikira kanthawi kosiyana ndi ka chinzake chisanayesenso. N'chifukwa chake mahabu ambiri anali ndi kagetsi kolembedwa Collision. Ngati habu ndi ya mamegabiti 10 pa sekondi, mamegabiti 10 amenewo ndi ogawana onse, ndipo makompyuta akamachuluka kuwombana kumachulukanso. Komanso aliyense wokhala ndi pulogalamu yosuzumira timaphukusi atha kuona zimene anzake akutumiza ngati sizinabisidwe.

Mahabu anasiya kupangidwa kalekale, ndipo liwiro lawo lodziwika linali mamegabiti 10 kapena 100. Mukaipeza pa zinthu za kaunjika, ngakhale itchipe bwanji, isiyeni. Chenjezo lokha ndi lakuti ogulitsa ena amatchabe swichi yaing'ono kuti habu, choncho werengani zimene zalembedwa pa kabokosipo.

Kabokosi kapakati kakhale swichi

Swichi imasunga kaundula m'mutu mwake: adiresi ya MAC yakuti ili pa bowo lakuti. Palibe amaulemba kaundulayu, swichi imadziphunzitsa yokha, ndipo njira yake ndi yofunika kuimvetsa bwino chifukwa mavuto ambiri a swichi amachokera pomwepa.

Magetsi akangoyaka, kaundula amakhala wopanda kanthu. Kaphukusi koyamba kakalowa pa bowo 2, swichi imawerenga adiresi ya wotumiza n'kulemba kuti MAC imeneyi ili pa bowo 2. Kenako imayang'ana adiresi ya wolandira. Ngati sikumudziwa, imachita ngati habu kamodzi kokhako: imatumiza pa mabowo ena onse. Printa ikayankha, yankho lake limalowera pa bowo 6, ndiye swichi yadziwa kuti printa ili pa 6. Kuyambira pamenepo timaphukusi tonse 2,000 tija timayenda kuchoka pa bowo 2 kupita pa bowo 6 basi. Mabowo 3, 4 ndi 5 samva kanthu. Onani kuti swichi imaphunzira kwa wotumiza, osati kwa wolandira. Chipangizo chikakhala chete kwa mphindi pafupifupi 5, maswichi ambiri amachifufuta mu kaundula mpaka chitalankhulanso. Mukasamutsa kebo ya printa kuchoka pa bowo 6 kupita pa 7, simufunika kusintha kalikonse, swichi ilemba malo atsopanowo printa ikangotumiza kanthu.

Popeza bowo lililonse lili ndi njira yakeyake, bowo 2 likamatumiza ku printa, bowo 4 litha kumatsitsa fayilo kuchokera ku rauta nthawi yomweyo popanda kuwombana. Bowo limodzi limathanso kutumiza ndi kulandira pakamodzi. Swichi yolembedwa 10/100 imapereka mamegabiti 100 pa sekondi pa bowo lililonse, yolembedwa 10/100/1000 kapena Gigabit imafika pa 1,000.

Koma pali funso: kompyuta inadziwa bwanji MAC ya printa, popeza inu munangoipatsa 192.168.1.50? Imafunsa. Imatumiza kaphukusi kopita kwa onse, kokhala ndi adiresi yapadera ya FF-FF-FF-FF-FF-FF, kofunsa kuti mwini wa 192.168.1.50 ndani. Swichi ikaona adiresi imeneyi imatulutsa kaphukusiko pa mabowo onse, ndipo printa yokha ndi imene imayankha n'kutchula MAC yake. Njirayi imatchedwa ARP. Mayankho amene kompyuta yasonkhanitsa mutha kuwaona polemba izi mu Command Prompt, pulogalamu ya Windows yolemberamo malamulo:

```
arp -a
```

Muona mndandanda wa maadiresi a IP, uliwonse uli ndi MAC yake pambali. Mfundo yoti musunge ndi iyi: swichi imaletsa mauthenga a anthu awiri kufika kwa ena, koma mauthenga opita kwa onse siingawaletse. Amafika pa chipangizo chilichonse, ngakhale mutalumikiza maswichi atatu motsatizana.

Swichi wamba sidziwa kuti kunja kuli intaneti. Siwerenga IP, ndipo sigawa IP kwa aliyense. Mutazimitsa rauta pakati pa tsiku, makompyuta apitirizabe kusindikiza kwa kanthawi, chifukwa njira yopita ku printa sidutsa pa rauta. Ndi chifukwa chomwecho bando ikatha printa imagwirabe ntchito, ndipo kusindikiza kapena kukopera mafayilo pakati pa makompyuta a m'shopu sikudya bando.

Pamene rauta imalowera

Tsopano wophunzira uja akuti atumiziridwe ntchito yake pa imelo. Seva ya imelo ili kutali, adiresi yake siyamba ndi 192.168.1. Kompyuta isanatumize kanthu imadzifunsa ngati wolandirayo ndi wa pakhomo pompano kapena wakunja. Chimene chimaithandiza ndi nambala ina imene imalembedwa kuti Subnet Mask, yomwe m'maofesi aang'ono imakhala 255.255.255.0. Tanthauzo lake ndi loti zigawo zitatu zoyamba za adiresi ndi dzina la netiweki, chomaliza ndi nambala ya chipangizo. Choncho aliyense woyamba ndi 192.168.1 ndi wa pakhomo, ndipo manambala ogwiritsika ndi kuyambira 1 mpaka 254. Wina aliyense ndi wakunja.

Wa pakhomo amafikiridwa mwachindunji kudzera pa swichi. Wakunja uthenga wake umaperekedwa kwa rauta, imene pa kompyuta imalembedwa kuti Default Gateway. Apa pali kaluso kamene ambiri ongoyamba kumene amaphonya. Kompyuta imalemba IP ya seva yakutali ija monga kopita, koma pa MAC imalemba ya rauta. Swichi, imene imangoona MAC, imapereka kaphukusiko pa bowo 1. Rauta imachotsa MAC yakaleyo, n'kuwerenga IP, n'kuyang'ana pa mndandanda wake wa njira, kenako n'kukapatsira rauta yotsatira ya kampani ya foni. Ganizirani katoni yolembedwa dzina la munthu wa ku Karonga. Wa kabaza amaifikitsa ku depoti, minibasi n'kuitenga, wina n'kukailandira uko. Onyamula akusinthana panjira, koma zolembedwa pa katoni za kumene ikupita sizisintha. Timaphukusi timadutsa marauta ambiri motere, ndipo mutha kuwawerenga pa njira yopita ku 8.8.8.8, seva ya Google:

```
tracert 8.8.8.8
```

Mzere woyamba udzakhala rauta yanu, 192.168.1.1, ndipo mizere yotsatira ndi marauta a panjira.

Rauta ndi malire. Mauthenga opita kwa onse aja amathera pa iyo, sadutsa kupita kunja. Ili ndi nkhope ziwiri: ya mkati yolembedwa LAN, ndi ya kunja yolembedwa WAN kapena Internet, imene pa rauta ya simu khadi ndi netiweki ya foni ija. Nkhope iliyonse ili ndi IP yakeyake.

Rauta ya m'nyumba kapena ya m'shopu imagwiranso ntchito zina ziwiri zimene muyenera kuzidziwa mayina. Yoyamba ndi DHCP, kugawa maadiresi. Kompyuta ikangolumikizidwa imafuula kwa onse kupempha adiresi, ndipo rauta imaibwereka IP, n'kuiuza Subnet Mask, Default Gateway, ndi seva ya DNS imene imatembenuza mayina a mawebusaiti kukhala manambala. Yachiwiri ndi NAT. Maadiresi oyamba ndi 192.168, oyamba ndi 10, ndi a pakati pa 172.16 ndi 172.31 ndi a m'nyumba, sayenda pa intaneti. Shopu ya ku Katoto ndi ofesi ya ku Chibanja zonse zitha kukhala ndi 192.168.1.20 popanda kusokonezana. Kaphukusi kakamatuluka, rauta imafufuta adiresi ya m'nyumba ya wotumiza n'kuikapo yake ya kunja, ndipo imalemba penapake kuti yankho likabwera ndi la kompyuta iti.

Kabokosi kamene timagula n'kumakatcha rauta kali ndi zinthu zingapo m'thupi limodzi: rauta yeniyeni, swichi yaing'ono, kawirikawiri ya mabowo 4 olembedwa LAN, wailesi ya waifai, ndipo mwina modemu ya simu khadi. Ndiye ngati zipangizo za kebo sizikupitirira mabowo amenewo, swichi yapadera simukuifuna. Mabowo akakuperewerani, chogula ndi swichi, osati rauta yachiwiri. Kumbukirani kuti bowo limodzi limapita ku rauta, choncho swichi ya mabowo 8 imakupatsani malo a zipangizo 7. Swichi ya Gigabit imafulumizitsa kukopera mafayilo m'shopu, koma siwonjezera liwiro la intaneti ngakhale pang'ono, chifukwa limenelo limadalira netiweki ya foni ndi bando yanu.

Zinthu zikavuta

Kudziwa ntchito ya kabokosi kalikonse kumakupulumutsani ku kuzimitsa ndi kuyatsa zonse mwachisawawa. Yambani ndi maso. Bowo lililonse la swichi lili ndi kagetsi kake. Ngati kagetsi ka bowo 2 sikakuyaka, vuto ndi kebo, mutu wa kebo, bowolo kapena kompyutayo, ndipo rauta musaikhudze. Yesani bowo lina, kenako kebo ina. Kebo ya mtundu wa Cat5e kapena Cat6 isapitirire mamita 100. Mkati mwake muli timawaya 8. Liwiro la mamegabiti 100 limangogwiritsa timawaya 4, koma la 1,000 limafuna tonse. N'chifukwa chake kebo yopanidwa molakwika kapena yolumidwa ndi khoswe imatha kugwirabe ntchito koma pa 100 pokha, ngakhale swichi ndi kompyuta zili za Gigabit.

Kagetsi kakakhala koyaka, onani zimene kompyuta yapatsidwa:

```
ipconfig
```

Ngati pa IPv4 Address pali nambala yoyamba ndi 169.254, kompyuta inapempha adiresi koma palibe anayankha, ndiye yadzipatsa yokha. Kutanthauza kuti rauta yazima, kebo ya pa bowo 1 yatuluka, kapena DHCP yatsekedwa. Izi zimaonekanso magetsi akabwera atathima, pamene makompyuta ayaka msanga rauta isanadzuke. Nthawi zambiri zimadzikonza pakapita mphindi zochepa, koma mutha kufulumizitsa polemba `ipconfig /renew`.

Adiresi ikakhala bwino, gogodani zitseko motsatana, kuyambira chapafupi:

```
ping 192.168.1.50
ping 192.168.1.1
ping 8.8.8.8
ping google.com
```

Printa ikayankha ndi mawu oti `Reply from 192.168.1.50`, kebo yanu ndi swichi zili bwino. Printa ikayankha koma rauta ayi, vuto lili pakati pa bowo 1 ndi rauta. Rauta ikayankha koma 8.8.8.8 n'kubweza `Request timed out.`, za m'shopu zonse zili bwino ndipo vuto lili ku nkhope ya kunja: bando yatha, simu khadi yasuntha, kapena netiweki ya foni yafooka. 8.8.8.8 ikayankha koma dzina la webusaiti likakanika, intaneti ilipo, chavuta ndi DNS. Samalani ndi mzere woyamba ndi `Reply from` koma wothera ndi `Destination host unreachable.`, chifukwa limenelo si yankho la chipangizo chimene mukuchifuna, ndi uthenga wokuuzani kuti sichinapezeke.

Vuto lina lofala ndi printa imene dzulo inkasindikiza koma lero makompyuta onse akuti palibe. Chimene chimachitika ndi choti adiresi ya DHCP ndi yobwereka. Magetsi akathima n'kuyakanso, printa itha kupatsidwa 192.168.1.23, pamene makompyuta akuifunabe pa 50. Mankhwala ake ndi kulowa mu rauta n'kuiuza kuti MAC ya printa izilandira adiresi imodzimodzi nthawi zonse, kapena kulemba adiresi yokhazikika pa printa pomwepo, yosankhidwa kunja kwa manambala amene rauta imagawa. Mukasankha ya mkati mwa manambala ogawidwawo, tsiku lina foni ya kasitomala idzapatsidwa nambala yomweyo, ndipo zonse ziwiri zizidzadukaduka.

Choopsa kwambiri pa swichi ndi kebo yobwerera. Wina pokonza m'shopu aona mutu wa kebo uli pansi, n'kuulowetsa pa bowo 8, osadziwa kuti mbali inayo ili kale pa bowo 7. Uthenga wopita kwa onse ukatuluka pa 7 umalowanso pa 8, swichi n'kuufalitsanso, ubwererenso, mpaka kalekale. Marauta ali ndi chitetezo pa zotere, chifukwa pa kaphukusi pali nambala yotchedwa TTL imene rauta iliyonse imachotserapo imodzi, ikafika pa 0 kaphukusi kamatayidwa. Swichi siikhudza nambala imeneyo. Pa masekondi ochepa netiweki yonse imaima, intaneti ndi printa yomwe. Chizindikiro chake ndi timagetsi tonse kuphethira mothamanga nthawi imodzi osapumira. Zulani makebo imodziimodzi mpaka kuphethirako kutadekha, ndipo imene mwazula komalizayo ndiyo yolakwika. Zomwezi zimachitika mukalumikiza maswichi awiri ndi makebo awiri poganiza kuti liwiro liwirikiza. Maswichi odula ali ndi njira yotchedwa STP imene imatseka bowo lobwereralo, koma ang'onoang'ono ambiri alibe.

Chomaliza chimabwera shopu ikakula. Waifai sikufika ku chipinda cha kuseri, ndiye mwini wake apeza rauta yakale n'kuilumikiza ku swichi. Akalowetsa kebo pa bowo la LAN osasintha kalikonse, pa netiweki pamakhala ogawa maadiresi awiri. Kompyuta imatenga adiresi kwa amene wayamba kuyankha, ndipo imene yalandira kwa rauta yakaleyo imauzidwa khomo lotulukira lolakwika. Zotsatira zake zimazunguza mutu: makompyuta ena ali pa intaneti, ena ayi, mawa n'kusinthana. Mukayerekeza mzere wa Default Gateway pa kompyuta yogwira ndi yosagwira, nthawi zambiri mupeza manambala osiyana. Zimaipirapo marauta onse awiri akakhala ndi 192.168.1.1, chifukwa manambala amaoneka ofanana koma `arp -a` imaonetsa MAC yosiyana pa adiresi imodziyo. Akalowetsa kebo pa bowo la WAN, intaneti imagwira, koma wapanga netiweki yachiwiri kuseri kwa malire atsopano. Laputopu ya kuseriko siipeza printa yokha ikamafufuza, popeza mauthenga opita kwa onse sadutsa rauta, ndipo makompyuta a kutsogolo sangafikire chilichonse cha kuseri.

Njira yoyenera ndi kuisandutsa rauta yakaleyo swichi yokhala ndi waifai. Ilumikizeni kaye ku laputopu yokha, osati ku netiweki ya shopu. Lowani pa tsamba lake pogwiritsa adiresi yolembedwa pansi pake. Sinthani adiresi yake ya LAN ikhale 192.168.1.2, mutatsimikiza kuti nambalayo rauta yaikulu siigawa, kenako lowaninso pa adiresi yatsopanoyo n'kuzimitsa DHCP. Ikani dzina ndi pasiwedi ya waifai. Mukatero tengani kebo kuchokera ku swichi n'kuilowetsa pa limodzi mwa mabowo a LAN, bowo la WAN likhale lopanda kanthu. Marauta ena ali ndi posankha polembedwa Access Point Mode, pamene pamachita zonsezi pakamodzi, ndipo pa oterowo tsatirani zimene tsambalo likunena za bowo loyenera. Kuti mutsimikize, lumikizani laputopu ku waifai ya kuseriko n'kulemba `ipconfig`. Pa Default Gateway pazioneka 192.168.1.1, ndipo `ping 192.168.1.50` iziyankha kuchokera ku printa.